Kupeza voliyumu ndi eliya yonse ya pulizimu ya makona atatu, monga tenti kapena denga

Tenti ya mitengo iwiri, ija nsalu yake imatsetsereka mbali ziwiri kuchokera pamsana, ili ndi miyeso inayi yofunika kuidziwa. Itatu mwa miyesoyi anthu amangoitchula ndi mawu amodzi akuti "kutalika". Pali kutalika kochokera pansi kukafika pamsonga, pali kutalika kwa nsalu imene yatsetsereka, ndiye palinso kutalika kwa tenti yonse kuchokera pakhomo kukafika kumbuyo. Pamene ndaona anthu akulakwa samu imeneyi, nthawi zambiri kuchulukitsa amakhala atachulukitsa bwinobwino. Chimene chimawapusitsa n'kutenga kutalika kwina n'kukuika pamalo pa kunzake. Choncho tiyenda ndi tenti imodzi mpaka samu yake itheretu, ndipo muyeso uliwonse tiupatsa dzina lakelake. Tikatero tikwera padenga la nyumba.

Choyamba: onetsetsani kuti chinthucho ndi pulizimudi

Pulizimu ya makona atatu ili ndi nkhope zisanu. Ziwiri ndi mathirayango ofanana ndendende, ina kutsogolo ina kumbuyo, ndipo zitatu zotsalazo ndi marekitango amene amalumikiza mathirayangowo. Pa tenti, mathirayango ndi khomo ndi kumbuyo kwake. Marekitango ndi nsalu ziwiri zopendekeka pamodzi ndi chinsalu choyala pansi.

Chizindikiro chake chenicheni ndi ichi: mutati muidule mopingasa paliponse, pafupi ndi khomo, pakati, kapena chakumbuyo, podulapo pazioneka thirayango yomweyomweyo, yosakula ndiponso yosachepa. Tenti imene ndi yaitali kukhomo koma imanka nifupika chakumapazi si pulizimu, ndipo njira ili m'munsiyi siingakupatseni yankho loona pa tenti yoteroyo.

Chachiwiri: yezani, ndipo muyeso uliwonse muulembe ndi dzina lake

Imani kutsogolo kwa tenti n'kuyang'ana thirayango ya pakhomo. Mzere wa pansi, kuchokera pachikhomo cha kumanzere kukafika pachikhomo cha kumanja, ndiwo tsinde la thirayango, ndipo tiulemba b. Pa tenti yathuyi ndi mamita 3.

Msinkhu, umene tiulemba h, ndi mtunda wochokera pamsonga kutsika chowongoka mpaka pansi, osapendekera mbali iliyonse. Ngati mtengo wa pakhomo waima bwino, msinkhu ndi mtengowo. Koma mitengo ya tenti imakonda kupendama chingwe china chikakokedwa kwambiri, ndiye ine sindiukhulupirira. Mangani kamwala kuchingwe, chingwecho muchigwire pamsonga penipeni, kamwalako kalendewere mpaka kangokhudza pansi. Kakasiya kugwedezeka yezani chingwecho. Pa tenti yathu tapeza mamita 2.

Mbali yopendekeka, s, ndi pamene tepi ikutsata nsalu kuchokera pamsonga mpaka pachikhomo. Ndi mamita 2.5, ndipo mbali zonse ziwiri n'zofanana chifukwa msonga uli pakati.

Mulitali, L, ndi kuchokera pathirayango ya kutsogolo kukafika pa ya kumbuyo, kutsata msana wa tenti. Ndi mamita 4.

Musanapitirire, yang'anani ngati manambalawo akumveka. Mbali yopendekeka iyenera kuposa msinkhu nthawi zonse, pakuti njira yolambalala singafupike kuposa yowongoka. Mukaona kuti s yachepa poyerekeza ndi h, ndiye kuti mwasinthanitsa mayina kapena tepi inaterereka. Miyeso yonse ikhalenso ya mtundu umodzi. Ngati tepi yanu yati masentimita 250, lembani mamita 2.5 pomwepo, musadikire kuti mukasinthe kumapeto.

Chachitatu: eliya ya thirayango imodzi

Nambala imeneyi tiigwiritsa ntchito kawiri, pa voliyumu ndi pa eliya yonse, choncho ipezeni mosamala ndipo muiike pambali poonekera.

eliya ya thirayango = ½ × b × h = ½ × 3 × 2 = 3 m²

Theka lija silinangobwera. Jambulani rekitango ya mamita 3 mulifupi ndi mamita 2 kukwera m'mwamba, mozungulira khomo la tenti. Thirayango ikhala m'kati mwake, ndipo kumanzere ndi kumanja kwa msonga kutsala tizidutswa tiwiri topanda kanthu. Mukadula tizidutswato n'kutitembenuza, timakwana ndendende pamwamba pa thirayangoyo. Ndiye kuti thirayango yatenga theka la rekitango, 3 mwa 6.

Onaninso kuti rekitangoyo ikukwera mamita 2, osati 2.5. N'chifukwa chake muno mumalowa msinkhu wowongoka basi. Mbali yopendekeka ilibe ntchito pano, idikire nthawi yake.

Chachinayi: voliyumu

Voliyumu ndi malo onse a m'kati, mpweya umene tentiyo yasunga. Taganizani mutadula makatoni ambirimbiri a thirayango, ofanana ndi khomo la tenti, n'kumawaimika motsatizana kuyambira pakhomo mpaka kumbuyo. Katoni iliyonse yatenga masikweya mita 3, ndipo mndandanda wa makatoniwo watalika mamita 4. Voliyumu ndi zimenezo basi:

voliyumu = eliya ya thirayango × L = 3 × 4 = 12 m³

Yankho ndi makiyubiki mita 12. Popeza kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, m'tentimo muli mpweya wokwana malita 12,000.

Njira yachidule yodziyesa nayo ndi bokosi. Bokosi limene tentiyi ingakwanemo ndendende ndi la 3 × 2 × 4, amene ndi makiyubiki mita 24. Tenti iyenera kukhala theka lake, 12. Mukapeza 24, mwaiwala theka. Mukapeza 8, mwagawa bokosilo ndi 3 m'malo mwa 2, zimene timachita ndi piramidi, chinthu chimene mbali zake zonse zimakathera pansonga imodzi. Tenti yathu sithera pansonga imodzi, ili ndi msana wautali, ndiye gawo limodzi mwa magawo atatu silikuikhudza. Mukapeza 15, ndiye kuti mwaika 2.5 pamalo pa 2. Cholakwa chimenechi ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa 15 saoneka wachilendo. Ali pafupi ndi 12, munthu amangomulandira, chonsecho wawonjezera makiyubiki mita 3 amene kulibe.

Chachisanu: ngati mbali yopendekeka simukuidziwa

Nthawi zambiri funso la m'kalasi limangopereka tsinde ndi msinkhu. Wofuna kusoka tenti yatsopano nayenso amakhala alibe nsalu yoti ayeze, amangodziwa kuti akufuna pansi pakhale mamita 3 ndipo pamsonga pafike mamita 2. Apa ndi pamene timaitana lamulo la Payithagorasi.

Chingwe cha kamwala chija chagawa thirayango ya pakhomo pakati, n'kupanga mathirayango awiri a kona yowongoka, ya madigiri 90. Iliyonse ili ndi msinkhu wa mamita 2 ndi tsinde la mamita 1.5, lomwe ndi theka la 3. Mbali yopendekeka ndiyo yaitali kwambiri, yoyang'anizana ndi kona yowongokayo. Lamuloli limati sikweya ya mbali yaitaliyo imafanana ndi masikweya a mbali ziwiri zinazo mukawaphatikiza.

s² = 1.5² + 2² = 2.25 + 4 = 6.25
s = √6.25 = 2.5 m

Pamene ambiri amaphonya ndi pa 1.5. Amatenga tsinde lonse, 3, n'kupeza sikweya ruti ya 13, imene ndi pafupifupi 3.6. Koma nsalu yochokera pamsonga sikuwoloka tsinde lonse. Ikungoyambira pakati n'kuthera kumbali imodzi.

Lamulo lomweli limagwiranso ntchito chobwerera. Ngati pamsonga simungathe kufikapo ndi chingwe koma mbali yopendekeka mukuidziwa, chotserani m'malo mophatikiza: 6.25 − 2.25 = 4, ndipo sikweya ruti ya 4 ndi 2, msinkhu wathu uja.

Chachisanu ndi chimodzi: eliya yonse

Apa ndikulangizani kuti musathamangire fomula. Yambani mwaitambasula tentiyo m'maganizo, kapena mujambule papepala ngati kuti mwasola misoko n'kuyala nsalu zonse pansi. Muona marekitango atatu ogundana, onse a mamita 4 mulitali, ndi mathirayango awiri otulukira kumbali. Ziwerengeni nkhopezo ndi chala. Zikapanda kukwana zisanu, china chasowa.

Mathirayango awiri aja tinawapeza kale, iliyonse ndi masikweya mita 3, onse pamodzi 6. Nsalu yopendekeka imodzi ndi rekitango ya mamita 2.5 ndi mamita 4, amene ndi masikweya mita 10, ndipo ziwirizo ndi 20. Chinsalu cha pansi ndi 3 × 4, masikweya mita 12.

eliya yonse = 6 + 20 + 12 = 38 m²

Taonani mmene maudindo asinthira. Pa voliyumu, 2.5 sanaoneke n'komwe. Pa nsalu zopendekeka, 2 ndi amene alibe malo. Msinkhu walowa mu eliya yonse kudzera m'mathirayango okha.

Ndinaonapo nsalu ya tenti itadulidwa ndi munthu amene anatenga msinkhu ngati mbali yopendekeka. Papepala zonse zinali zaudongo, 2 × 4 kawiri, masikweya mita 16. Atapachika nsaluyo pamsana n'kuikokera kuzikhomo, m'mphepete mwake munatsala m'malere, theka la mita lisanakwane mbali iliyonse, moti munthu atagona m'katimo amaona udzu wa panja. Kuti nsaluyo ifike pansi anayenera kufupikitsa mitengo, ndipo imene inatulukayo sinalinso tenti imene ankafuna. Masikweya mita 4 anasowa chifukwa cha nambala imodzi.

Mukazolowera kuwerenga nkhope imodziimodzi, pali njira yofupikirapo imene ndi yabwinonso poyesera yankho. Marekitango atatu aja, poti onse ndi a mamita 4 mulitali, akagundana amapanga rekitango imodzi yaikulu. Mulifupi mwake ndi mtunda wozungulira thirayango, 3 + 2.5 + 2.5, amene ndi mamita 8.

eliya yonse = (2 × eliya ya thirayango) + (mtunda wozungulira thirayango × L) = 6 + (8 × 4) = 38 m²

Njira ziwirizi zikapereka mayankho osiyana, bwererani mukayang'ane marekitango. Kawirikawiri imodzi imakhala yaiwalika, makamaka ya pansi, poti siioneka munthu akaima panja.

Tsopano mawu akuti "yonse" muwamvetse bwino. Pa masamu, eliya yonse ndi nkhope zonse zisanu, 38. Koma ngati tentiyo ilibe chinsalu cha pansi, nsalu yofunika ndi 38 − 12, masikweya mita 26. Ngati khomo ndi lotseguka, chotsaninso 3. Werengani funso kawiri, kapena dzifunseni kuti ndi nkhope ziti zimene zivekedwedi nsalu. Dziwaninso kuti nambala ya masamuyi ndi ya tenti yosokedwa kale. Pogula nsalu muyenera kuwonjezera ya misoko ndi yopinda m'mphepete, komanso podula mathirayango pansalu ya rekitango pamatsala zidutswa.

Za mayunitsi

Eliya imalembedwa ndi m², voliyumu ndi m³, ndipo yankho lopanda zimenezi ndi losatha. Msampha uli posintha. Mita imodzi ndi masentimita 100, koma sikweya mita imodzi ndi masikweya sentimita 10,000, chifukwa ndi 100 × 100. Kiyubiki mita imodzi ndi makiyubiki sentimita 1,000,000. Mukawerenga tenti yathu m'masentimita mupeza ½ × 300 × 200 × 400, amene ndi 12,000,000 cm³. Gawani ndi 1,000,000 mubwerere pa 12. Amene wagawa ndi 100 yekha amapeza makiyubiki mita 120,000, malo oti mungalowe nyumba zambirimbiri.

Tikwere padenga

Denga la mbali ziwiri, lokhala ndi khoma la makona atatu kumapeto konse kuwiri, ndi tenti yomwe ija itakhala pamwamba pa makoma. Tsinde ndi mulifupi mwa nyumba, kuchokera khoma lina kukafika linzake. Msinkhu umayambira pasiling'i, kapena kuti pamwamba pa makoma, kukafika pamsana pa denga. Musayezere pansi pa nyumba, chifukwa mukatero mwaphatikizamo zipinda.

Tinene kuti nyumba ndi ya mamita 8 mulifupi ndi mamita 10 mulitali, ndipo msana wa denga wakwera mamita 3 pamwamba pa siling'i. Thirayango ndi ½ × 8 × 3, masikweya mita 12. Kuchulukitsa ndi 10, malo a pakati pa siling'i ndi malata ndi makiyubiki mita 120.

Theka la tsinde ndi 4, ndiye mbali yopendekeka ndi sikweya ruti ya 16 + 9, imene ndi mamita 5. Mbali ziwiri za denga ndi 2 × 5 × 10, masikweya mita 100. Makoma awiri a makona atatu ndi 24, siling'i ndi 80, ndipo zonse pamodzi ndi masikweya mita 204.

Padenga lenileni, 204 ameneyu sathandiza kwenikweni, poti nkhopezo sizimangidwa ndi chinthu chimodzi. Wokhoma malata akufuna 100, womanga khoma akufuna 24, woika siling'i akufuna 80. Ndiye ndi bwino kusiya manambalawo osaphatikiza. Chimene ndimafuna anthu aone ndi kusiyana kwa 80 ndi 100. Amene amayeza pansi pa nyumba n'kuganiza kuti wapeza kukula kwa denga amaperewera ndi masikweya mita 20, ndipo denga likakhala lotsetsereka kwambiri kusiyanako kumakulirakulira.

Malata sathera pakhoma, amapitirira kuti madzi a mvula azigwera patali. Mbali yopitirirayo ili kunja kwa pulizimu, choncho voliyumu siisintha, koma eliya ya malata imakula. Ngati malata apitirira theka la mita kumunsi, motsata kutsetsereka, ndi theka la mita kumapeto konse kuwiri, mbali iliyonse ikhala 5.5 × 11, ndipo ziwirizo ndi masikweya mita 121. Pamenepo tisanawerengere pamene malata amasanjikizana.

Msonga ukakhala kuti suli pakati

Nyumba yomweyo, msinkhu womwewo wa mamita 3, koma msana wa denga wasendera mbali imodzi, moti kamwala kolendewera kakugwera mamita 2 kuchokera kukhoma lina ndi mamita 6 kuchokera kulinzake. Ambiri amayembekezera kuti zonse zisintha. Voliyumu siisintha ngakhale pang'ono, chifukwa tsinde likadali 8 ndipo msinkhu ukadali 3. Thirayango ikadali masikweya mita 12, malo a m'kati akadali makiyubiki mita 120.

Chimene chasintha ndi mbali zopendekeka, ndipo pano simungathenso kupeza imodzi n'kuichulukitsa kawiri. Iliyonse ipezeni payokha. Yaifupi ndi sikweya ruti ya 4 + 9, pafupifupi mamita 3.606. Yaitali ndi sikweya ruti ya 36 + 9, pafupifupi mamita 6.708. Pamodzi ndi 10.314, ndipo kuchulukitsa ndi 10 tikupeza masikweya mita 103.1, kuposa 100 uja pang'ono. Manambala a pambuyo pa kadontho asungeni atatu kapena anayi mpaka samu ithe, mukawadule pomaliza. Mukawadula msanga, kulakwa kwakung'onoko kumachulukitsidwanso ndi mulitali.

Denga lotsetsereka mbali imodzi yokha, lotsamira kukhoma lalitali, nalonso ndi pulizimu ya makona atatu. Thirayango yake ndi ya kona yowongoka, gawo la khomalo limene lili pamwamba pa siling'i ndilo msinkhu, ndipo popeza mbali yopendekeka mumatenga tsinde lonse, osati theka, chifukwa denga likuwoloka mulifupi monse.

Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi ndi nkhani ina. Kumapeto kwake kulibe khoma la makona atatu loimirira, ndipo mukalidula mopingasa chakumapetoko mdulidwe wake umanka nuchepa, ndiye si pulizimu. Mukaliwerenga ngati pulizimu, voliyumu ituluka yochuluka kuposa yeniyeni.

Koma tenti yokhala ndi timakoma m'munsi mwa nsalu zopendekeka siivuta. Igaweni pawiri, bokosi pansi, pulizimu pamwamba. Tenti yathu ija itakwezedwa pa timakoma ta mita imodzi, bokosilo ndi 3 × 1 × 4, makiyubiki mita 12, ndipo pamodzi ndi 12 wa pulizimu ndi 24. Pa nsalu, rekitango imene ili pakati pa bokosi ndi pulizimu musaiwerengere, poti pamenepo palibe nsalu, ndi mpweya wokhawokha. Tengani 26 wa pamwamba, muphatikize timakoma tinayi, tiwiri ta 4 × 1 ndi tiwiri ta 3 × 1, amene ndi 14, kenako chinsalu cha pansi cha 12 kamodzi kokha. Zonse ndi masikweya mita 52.